Kutseka mabuku a golosale ya anthu awiri ndi kutsegula a chaka chatsopano

Mkangano wa pa mapeto a chaka umayamba anthu akamayesa phindu ndi ndalama zomwe zili m'kabati. Tione golosale ya pa Nchalo, yomwe woyamba adaikamo mpamba wa K2,000,000, wachiwiri K1,000,000, ndipo adalemberana kuti pa K3 iliyonse ya phindu, woyamba azitenga K2.

Pa 31 Disembala, mukatseka chitseko, werengani katundu wotsala pa mtengo woodera, osati wogulitsira. Majarini wosungunuka ndi dzuwa la kuno kapena thumba la shuga lonyowa musaziwerengere pa mtengo wonse, chifukwa zimatupitsa phindu lomwe kulibe. Tinene kuti wotsalayo wakwana K1,000,000.

Kenako tsekani masamba a malonda, a zooda ndi a zolipira posamutsira ziwerengero zake pa tsamba la phindu, kuti aliwonse atsale pa ziro. Chaka chidayamba ndi katundu wa K800,000, mwaoda wa K7,000,000, ndiye mukachotsa wotsala uja, wogulitsidwa adakudyerani K6,800,000. Malonda ndi K9,600,000, lendi, magetsi, mayendedwe a ku Limbe ndi kutha kwa firiji ndi mashelefu K1,000,000. Phindu ndi K1,800,000: woyamba K1,200,000, wachiwiri K600,000.

Ndalama zimenezi sizipatsidwa m'manja. Zilembedwe pa tsamba la aliyense, losiyana ndi la mpamba, ndipo pomwepo muchotse zonse zomwe munthuyo wakhala akutapa m'chakamo. Apa ndi pomwe mabuku ambiri amakhota. Sopo, mchere ndi mafuta ophikira zopita kunyumba nazonso ndi kutapa; zilembedwe pa mtengo woodera ndi kuchotsedwa pa zooda (K7,000,000 ija ndi yochotsera kale). Woyamba adatapa K700,000, choncho bizinesi imusungira K500,000. Wachiwiri adatapa K750,000, wapyola gawo lake ndi K150,000, ndipo alowa m'chaka chatsopano ali ndi ngongole ku bizinesi. Musaichotse mwakachetechete pa mpamba wake, chifukwa kagawidwe kamene mudalemberana kadzayamba kukayikitsa.

Pa 1 Januwale, m'buku latsopano muyambe ndi zotsala zokha. Mbali imodzi: katundu K1,000,000, firiji ndi mashelefu K1,200,000 mutachotsa kale kutha kwake, ngongole za makasitomala odikira malipiro a kumunda wa nzimbe K450,000, ndalama za m'kabati, ku banki ndi pa foni K1,000,000. Zonse K3,650,000. Mbali inayo: ngongole ya kooda K300,000, mpamba K3,000,000, kuwonjezera K500,000 ya woyamba, kuchotsa K150,000 ya wachiwiri. Nayonso K3,650,000.

Mbali ziwirizi zikasiyana, gawani pawiri kusiyanako. Kukakhala K300,000, funani K150,000 yomwe yalembedwa mbali yolakwika. Kawirikawiri imakhala ngongole ya wachiwiri ija, yowonjezeredwa m'malo mochotsedwa. Zikafanana, nonse awiri musainire pansi pa tsambalo musanalembe malonda oyamba.