Katundu wa makilogalamu 2.4 akutumizidwa mwaulere

Nyengo ino yogulitsa mbewu ndayang'ana mafomu angapo oodera katundu pa intaneti, ndipo cholakwika chomwe ndakumana nacho mobwerezabwereza ndi cha kalembedwe ka magawo a kulemera. Ambiri akukopera mndandanda wa papepala momwe ulili: makilogalamu 0 mpaka 2, makilogalamu 3 mpaka 5, makilogalamu 6 mpaka 10, gawo lililonse ndi mtengo wake wotumizira.

Papepala mndandanda wotere sunkavuta, chifukwa wogulitsa akaona sikelo yapitirira 2 ankangolipiritsa mtengo wa gawo lachiwiri. Fomu ilibe nzeru zimenezo. Ikapatsidwa makilogalamu 2.4 imafunsa ngati kulemerako sikukuposa 2, n'kupeza kuti kukuposa. Imafunsanso ngati kwafika 3, n'kupeza kuti sikunafike. Ndiye mtengo umatsala pa ziro pomwe unayambira. Choipa kwambiri n'chakuti siidandaula ngakhale pang'ono, oda imadutsa bwinobwino, wogula n'kulipira mbewu zokha. Ndatopa nako kumva kuti "mndandandawu takhala tikuugwiritsa ntchito kuyambira kale", ngati kuti kukalamba kwa pepala kumatseka mipata.

Mlimi wina wochulukitsa mbewu, yemwe amagulitsa mapaketi a magalamu 800, anandiuza kuti ankadabwa kuona makasitomala akukonda kugula mapaketi atatuatatu. Titawerengera limodzi tinapeza kuti awiri amalemera makilogalamu 1.6 ndipo anayi amalemera 3.2, onsewo fomu inkawalipiritsa bwino, koma atatu ndi 2.4, pakati penipeni pa mpata. Asanu ndi awiri, omwe ndi 5.6, ankagweranso mumpata wa pakati pa 5 ndi 6. "Ine ndinkangoti malonda akuyenda," anatero bamboyo, pomwe ndalama zolipira wonyamula katundu ankazitapa m'phindu lake lomwe. Vuto lomweli limachitikanso pa magawo a mtunda, wina akalemba makilomita 0 mpaka 10 kenako 11 mpaka 20.

Kukonza kwake sikufuna tsiku lonse. Lembani malire apamwamba okha, kuyambira aang'ono kupita aakulu, kuti pomwe gawo lathera pakhale pomwe linzake layambira:

```
if (kg <= 2) fee = A;
else if (kg <= 5) fee = B;
else if (kg <= 10) fee = C;
else throw new Error("Funsani mtengo wotumizira");
```

Mzere womalizawo ukhale woimitsa oda ndi kuuza wogula kuti afunse mtengo, osati kuika ziro. Kulemera kukhale kwa oda yonse pamodzi ndi katoni yake. Musanatsegulire anthu fomuyo, yesani 2, 2.01, 5, 5.01 ndi 10.5, kenako mubwerere m'maoda akale n'kusankha onse omwe mtengo wotumizira uli ziro kapena sunalembedwe, muone kuti ankalemera bwanji.