Momwe mungasankhire mlangizi wa zachuma osapusitsidwa ndi komishoni

Nditagulitsa kapuloti kanga ndinatsala ndi K5,000,000 m'manja ndipo ndinkaopa kuti ndikangoisiya mu akaunti ithera m'maliro ndi m'mafizi a ana a achibale, nde ndinayamba kufunafuna munthu woti andithandize maganizo. Woyamba yemwe ndinamupeza anandiluzitsa ndalama. Ndikulemba izi kuti inu mudziwe zofunsa musanasaine fomu iliyonse.

Choyamba dziwani zomwe mukufuna, ndalamayo mudzaifuna liti, chaka chamawa kapena ana akadzafika ku koleji. Izi sindichedwapo, lembani papepala basi.

Chachiwiri ndi laisensi. Kuno ku Malawi amene amapereka chilolezo kwa makampani a inshuwalansi, mabuloka, oyendetsa penshoni, ogulitsa masheya ndi alangizi a zoika ndalama ndi Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi, malinga ndi lamulo la Financial Services Act la 2010. Nde munthu akakuuzani kuti ndine mlangizi, mufunseni kuti laisensi yanu ndi ya chani ndipo ili m'dzina la ndani, kenako tsimikizani nokha ku Reserve Bank. Satifiketi yolembetsa kampani ija ena amaipachika pakhoma si laisensi ayi, olo wa golosale amakhala nayo. Aja a m'magulupu a WhatsApp olonjeza 30 peresenti pamwezi musataye nawo ndi bandulo yomwe, muwafunse laisensi muona akukuchotsani mu gulupu.

Tsopano pomwe ine ndinagwa. Munthu amene ndinamupeza anali ndi mapepala ake bwinobwino, sanali wakuba. Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandipatsa nambala yake. Anabwera mpaka kunyumba, waulemu, amvekere bwana musadandaule, uphungu wanga ndi waulere. Ine ndinasangalala, osadzifunsa kuti nanga munthu wawotcha mafuta kuchoka m'tauni kudzafika kwathu, akudya kuti. Ndinamuuza za K5,000,000 ija koma nkhani yake inkangobwerera pa chinthu chimodzi, pulani ya inshuwalansi ya moyo yosungirako ndalama, ya zaka 15, ndizilipira K60,000 pamwezi. Ndikafunsa za masheya amati amagwa, ndikafunsa za fikisidi, kutsekera ndalama ku banki kwa nthawi yoikika, amati phindu lake ndi lochepa. Ndinasaina tsiku lomwelo.

Ndinalipira miyezi 14, zonse pamodzi K840,000. Kenako kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zinakwera mtengo, K60,000 ija inayamba kundipweteka. Nditapita ku ofesi kuti ndisiye nditengeko zanga, mayi wa pa kauntala ananditsegulira tsamba lomwe sindinaliwerengepo, pomwe palembedwa Surrender Value, kutanthauza ndalama yomwe amakubwezera ukasiyira panjira. Pa pulani yangayo ukasiya zaka ziwiri zisanakwane sulandira kanthu. Ndinakhala kaye pa benchi panja paja kwa nthawi ndithu. Pambuyo pake ndi pomwe ndinamvetsa kuti pa mapulani otere ndalama zambiri za miyezi yoyambirira zimapita ku komishoni ya wogulitsa ndi zolipira zina za kampani, nchifukwa chake koyambako kumakhala kulibe choti akubwezere. Munthu uja anali ejenti wa kampani imodzi, amalandira pokhapokha wagulitsa pulani, ndipo ndikanaika ndalama yanga kwina kulikonse iye sakanapeza olo tambala. Sanandinamize kwenikweni, anangondionetsa zokhazo zomwe zimamupatsa ndalama. Pulaniyo payokha si yoipa, kwa munthu wofuna kusiyira ana kenakake akamwalira ndipo atha kulipira zaka zonsezo imathandiza, koma ine sindinkafuna zimenezo.

Nde chachitatu, chomwe ndi chachikulu, funsani mosachita manyazi kuti inuyo amakulipirani ndani, ndipo ndikasaina apa mupezapo zingati. Tili ndi kachizolowezi koona ngati kufunsa munthu malipiro ake ndi mwano, koma ndalama ikukambidwayo ndi yanu. Mayankho ake amakhala angapo. Ejenti amagwirira kampani imodzi ndipo amadya komishoni, sangakuuzeni kuti kampani ina ili ndi zabwino kuposa zake. Buloka wa inshuwalansi amayenera kuimira inuyo ndipo atha kukubweretserani mitengo ya makampani angapo, komabe komishoni yake imachokera ku kampani yomwe mwasankha, nde funsani ngati onse amamupatsa mofanana. Wa ku banki ali pa salale koma ambiri amakhala ndi tageti, akuuzani za fikisidi yawo, za kubwereketsa boma ndalama kwa masiku 91, 182 kapena 364 kudzera ku Reserve Bank mwina satchula mpaka mutafunsa nokha. Wogulitsa masheya a pa Malawi Stock Exchange amadula kenakake nthawi iliyonse mukagula kapena kugulitsa, choncho akamakuimbirani pafupipafupi kuti gulitsani awa mugule awa, dziwani kuti iye akupeza olo inu musapindule.

Palinso oyendetsa ndalama omwe amadula peresenti chaka chilichonse. Apa musalole kuuzidwa mu peresenti, auzeni asandutse makwacha. Mwachitsanzo akati 3 peresenti polowa ndi 2 peresenti pachaka zimamveka zochepa, koma pa K5,000,000 ndiye kuti K150,000 yapita tsiku loyamba, kenako pafupifupi K100,000 chaka chilichonse, kaya ndalama yabereka kaya ayi. Ubwino wake ngwakuti ndalama yanu ikakula nayenso amapeza zambiri, koma mumufunse ngati kuli bwino kuchotsako ina mukabweze ngongole ya ku banki, mumve ayankha bwanji, poti mukachotsa zake zimachepa. Amene mumangomulipira ndalama yodziwika pa uphungu wokha osakugulitsani kanthu ndiye wabwino kwambiri kwa ine, kungoti kuno ndi osowa. Ine ndinamaliza ndi kulipira akauntanti wina kuti angondiwerengera mapepala ndi kundiuza pomwe pali msampha, ndalama yake sinafike olo pa mwezi umodzi wa pulani ija.

Chachinayi, muyeseni. Muuzeni akupatseni njira zitatu, imodzi ikhale yoti iye sapezapo kanthu. Mufunse kuti ndikafuna ndalama yanga pakatha chaka chimodzi ndilandira zingati, akulembereni nambalayo papepala la kampani, osati pa mesiji. Funsaninso ngati phindu akulitchulalo ndi lotsimikizika kapena longoyerekeza, komanso ngati achotsamo kale msonkho, poti pa chiwongoladzanja MRA imadulapo. Akayamba zoti mwayiwu ukutha Lachisanu, kapena akukana kuti mupite ndi mapepala kunyumba, musiyeni.

Zotsalazi ndi zachidule. Ndalama muzilipira ku akaunti ya kampani, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu, ndipo risiti ikhale ya kampani. Musasaine fomu yomwe ili ndi malo osalemba. Sitetimenti izibwera kwa inu kuchokera ku kampani, osadzera kwa iye. Zikavuta lembani dandaulo ku kampaniyo kaye ndipo musunge kope, akapanda kukuthandizani mupite nalo ku ofesi ya Registrar ku Reserve Bank.