Momwe Mungawerengere Makalori ndi Kudziwa Chifukwa Chimene Sikelo Yaimira Pamodzimodzi

Mafuta a m'thupi amachepa pokhapokha pamene mphamvu zimene thupi likugwiritsa ntchito zaposa mphamvu zimene munthu akupeza m'chakudya ndi m'zakumwa. Mphamvuzi timaziyeza m'makalori, ndipo kusiyana kwa mbali ziwirizi ndi kumene kumatchedwa kuperewera kwa makalori. Chakudya chikaperewera, thupi limatapa m'mafuta amene linasunga kuti likwaniritse zosowa zake. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, choncho munthu amene akudya makalori 500 ochepera pa amene thupi lake limafuna tsiku lililonse amataya mafuta osakwana pang'ono theka la kilogalamu pa sabata. Masamu ake ndi omwewa. Chimene chimasokoneza anthu ndi chakuti sikelo siyeza mafuta okha, imayeza munthu yense pamodzi ndi madzi, minofu, mafupa ndi chakudya chimene chidakali m'matumbo.

Choyamba, pezani makalori amene thupi lanu limagwiritsa ntchito. Ine ndinagwiritsa ntchito njira ya Mifflin ndi St Jeor, imene inafalitsidwa mu 1990, ndipo imapereka makalori amene thupi limawotcha munthu atangogona osachita kanthu tsiku lonse:

```
amuna: 10 × kg + 6.25 × cm − 5 × zaka + 5
akazi: 10 × kg + 6.25 × cm − 5 × zaka − 161
```

Ndili ndi zaka 38, ndinkalemera makilogalamu 92 ndipo kutalika kwanga ndi masentimita 175, kotero yankho linatuluka pafupifupi 1,830. Nambala imeneyi muyenera kuichulukitsa malinga ndi mmene mumagwirira ntchito: ndi 1.2 ngati mumakhala pampando tsiku lonse, ndi 1.55 kapena kuposerapo ngati mumagwira ntchito yothukutsa thupi masiku ambiri. Ine ndinasankha 1.4, ndipo ndinapeza 2,560. Nditachotsapo 500, ndinatsala ndi 2,060 monga malire a chakudya changa pa tsiku. Dziwani kuti nambala imeneyi ndi yongoyerekeza, ikhoza kuphonya ndi makalori 200 kapena kuposa, ndipo imakonzedwa pambuyo pake poona mmene thupi likusinthira.

Chachiwiri ndi kuyeza chakudya. Galamu imodzi ya mapuloteni kapena ya makabohaidireti imapereka makalori 4, ya mowa weniweni 7, ya mafuta 9. Gulani kasikelo ka kukhitchini koyeza magalamu. Kotsika mtengo kamakwanira, bola kaziyamba pa ziro mukaikapo mbale. Ndalama zimene mukadawonongera matiyi ochepetsa thupi zisungeni. Ambiri mwa matiyi amenewa amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, choncho sikelo imatsikadi kwa masiku awiri chifukwa madzi atuluka, wogulitsa nkumaoneka ngati wanena zoona, koma mafuta ali pomwepo.

Gawo lachitatu, lomwe ndi kumvetsa zimene sikelo ikuonetsa, ndi limene linandigwetsa, ndipo ndilifotokoza mwatsatanetsatane. M'masabata awiri oyamba ndinatsika kuchoka pa 92 kufika pa 89.5, ndipo ndinaganiza kuti zinthu zizipita motero mpaka kumapeto. Ndikadawerenga bwino ndikadaona kuti makalori 500 kwa masiku 14 ndi 7,000, kutanthauza mafuta osafika kilogalamu imodzi. Kilogalamu ndi theka yotsalayo anali madzi ndi chakudya cha m'matumbo. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu ngati glaikojeni, wokwana magalamu 400 kapena 500 mwa munthu wamkulu, ndipo galamu iliyonse imasungidwa pamodzi ndi madzi okwana magalamu atatu. Munthu akachepetsa chakudya, glaikojeni amachepa ndipo madzi ake amatuluka. Zimenezi zimachitika kamodzi kokha poyambirira, sizibwerezedwa sabata iliyonse.

M'sabata yachisanu ndinali pa 88.6, ndipo ndinayamba kunyamula zitsulo katatu pa sabata. Kuyambira pamenepo sikelo inakana kutsika kwa masiku 16. Ndinkakwerapo m'mawa, masana, ngakhale usiku, ndipo tsiku lina inaonetsa kuti ndawonjezera. Ndinagamula kuti thupi langa lazolowera, ndipo ndinadula chakudya kufika pa makalori 1,400. Patapita masiku asanu ndinali wanjala, wosachedwa kupsa mtima, tulo tosabwera, ndipo Loweruka lake ndinadya mosadziletsa mpaka usiku. Lolemba sikelo inaonetsa 89.8. Ndinasiya zonse kwa mwezi wathunthu, ndikukhulupirira kuti ndanenepanso kilogalamu yoposa imodzi m'masiku awiri, zimene zikadafuna kuti ndidye makalori oposa 9,000 pamwamba pa zofuna za thupi. Sindinadye chakudya chochuluka chotero. Anali glaikojeni wobwerera ndi madzi ake, mchere, komanso chakudya chimene chinali chisanagayike.

Chimene chinachitika m'masiku 16 aja ndi chakuti minofu yosazolowera zitsulo inkatupa pang'ono pamene ikuchira, ndipo kutupako kumasunga madzi. Mafuta ankachoka, madzi nkumalowa m'malo mwake pa sikelo. Umboni unalipo, chifukwa lamba anali atayamba kukhwepa, koma ine ndinkangokhulupirira nambala. Madzi amasungika m'thupi pa zifukwa zinanso: kudya mchere wambiri dzulo lake, kudzimbidwa, kusagona mokwanira, nkhawa, mankhwala ena, ndiponso kwa amayi, masiku oyandikira msambo. Zonsezi zikhoza kukweza sikelo ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri, pamene mafuta amene mukutaya pa tsiku ndi magalamu 65 okha. Kusintha kwakung'ono chonchi sikungaoneke m'kati mwa kukwera ndi kutsika kwa madzi ngati mukuyerekeza tsiku la lero ndi la dzulo.

Nditayambiranso ndinasintha kayezedwe, ndipo ndi mmene ndikukulangizani kuti muzichitira. Dziyezeni kamodzi patsiku, m'mawa mukangodzuka, mutapita kuchimbudzi, musanadye kapena kumwa kanthu, pa sikelo imodzimodzi yoikidwa pansi polimba ndi posalala. Lembani nambalayo ndipo musaiganizire. Pakutha pa sabata phatikizani manambala asanu ndi awiriwo, gawani ndi 7, ndipo avereji imeneyi ndi imene muziyerekeza ndi ya sabata yapita. Amayi amene amasamba ayerekeze sabata ino ndi sabata yofanana nayo ya mwezi watha, chifukwa kuyerekeza masabata otsatizana kumawanamiza. Kamodzi pa sabata yezani mimba ndi tepi, podutsa pamchombo, mutatulutsa mpweya koma osakoka mimba m'kati. Masikelo odula amene amati amayezanso kuchuluka kwa mafuta sindiwakhulupirira pa ntchito imeneyi, popeza amadalira magetsi ochepa odutsa m'thupi, ndipo yankho lawo limasintha malinga ndi madzi amene muli nawo, omwe ndi gwero la vuto lonseli.

Sikelo itaimanso kwa masiku 12, sindinasinthe kanthu, chifukwa mimba inali itachepa ndi sentimita imodzi. Kenako m'masiku atatu ndinatsika ndi makilogalamu 1.2, ndikukodza pafupipafupi. Lamulo limene ndimatsata tsopano ndi lakuti sindinena kuti kuonda kwaima pokhapokha avereji ikhale yosasintha kwa masabata atatu kapena anayi, ndipo tepi nayonso ikhale ikunena zomwezo.

Nthawi zina kuimako kumakhala kwenikweni, ndipo kunandichitikira pa makilogalamu 84, pomwe ndinakhala masabata asanu popanda kusintha kwa sikelo kapena tepi. Apa palibe chodabwitsa chimene chachitika m'thupi. Kuperewera kwa makalori kwangotha, ndipo kumatha m'njira zitatu. Yoyamba ndi yakuti thupi laling'ono limafuna mphamvu zochepa. Nditawerenganso ndi 84 m'malo mwa 92, zofuna zanga zinatsika kuchoka pa 2,560 kufika pa 2,450. Yachiwiri ndi yakuti munthu amene wakhala akudya zochepa kwa miyezi amachepetsa kuyendayenda mosazindikira: amakhala pansi msanga, amatuma wina chinthu chimene kale ankapita kukatenga yekha, ndipo thupi lenilenilo limayamba kusamala mphamvu pang'ono. Ngati zimenezi zinanditsitsa kuchoka pa 1.4 kufika pa 1.3, ndiye kuti ndinkawotcha pafupifupi 2,270, ndipo pa 500 paja panatsala makalori 200 okha.

Njira yachitatu ndiyo imamaliza otsalawo, ndipo ndi imene anthu safuna kuimva. Mu 1992 madokotala a ku New York anafufuza anthu amene ankati sakuonda ngakhale akudya makalori osakwana 1,200 pa tsiku, ndipo anapeza kuti pa avereji anthuwa ankabisa mosadziwa 47 peresenti ya zimene ankadyadi. Ine ndinali nditasiya kuyeza mafuta ophikira chifukwa ndinkadziona ngati katswiri wodziwa ndi maso. Nditayezanso ndinapeza kuti ndinkathira masupuni aakulu awiri oposa amene ndinkalemba, ndipo supuni imodzi yaikulu ili ndi makalori pafupifupi 120. Makalori 240 amenewa anali okwanira kufafaniza zonse zotsala. Kwa ena vuto limakhala kumapeto kwa sabata: masiku asanu osamala amasonkhanitsa 2,500, koma Loweruka ndi Lamlungu la mowa ndi zokazinga likhoza kubweza onsewo.

Kukonza kwake sikuvuta. Kwa masiku 7 yezani chilichonse cholowa m'kamwa, kuphatikizapo shuga wa mu tiyi, zakumwa ndi zolawa pophika, musanachepetse kanthu. Werenganinso zofuna za thupi pogwiritsa ntchito kulemera kwanu kwatsopano. Ngati kuperewera kwathadi, chotsani makalori 150 kapena 200, kapena onjezerani kuyenda kwa mphindi 30 pa tsiku, ndipo dikirani masabata atatu musanasinthenso. Makalori amene mawotchi ndi makina a masewera amati mwawotcha musawabwezere m'mbale, chifukwa kawirikawiri amakokomeza. Mapuloteni musachepetse, ndi amene amateteza minofu komanso amachedwetsa njala. Ngati mwatha miyezi itatu kapena inayi mukudya zoperewera ndipo mwatopa, idyani zokwanira kwa masabata awiri; sikelo idzakwera ndi kilogalamu imodzi ya madzi, ndipo mukudziwa kale chifukwa chake.

Amene ali ndi matenda a shuga ndipo amamwa mankhwala kapena kubaya insulini akambirane ndi dokotala asanachepetse chakudya, chifukwa shuga akhoza kutsika kwambiri. Amayi oyembekezera asatsate njira imeneyi. Ndipo ngati sikelo ikukwera mofulumira, miyendo ikutupa kapena mukubanika, pitani kuchipatala, chifukwa madzi oterowo akhoza kukhala a matenda a mtima, impso kapena chiwindi.