Sandutsani manotsi a akaunti kukhala mafunso ochonga

Manotsi a m'kalasi amafotokoza zambiri, koma sakuuzani poyambira funso likakhala patsogolo panu. Choncho mfundo iliyonse isandutseni funso lalifupi, mafunsowo muwandandalike papepala limodzi, muzichonga lililonse mukaliyankha.

Pa jenala mafunso atatu akwanira: ndi maakaunti ati akhudzidwa, akwera kapena atsika, nanga ndi iti ya ku debiti, iti ya ku kirediti? Mukagula makina a 540 pangongole, makinawo ndi chuma chimene chakwera, ndiye debiti. Ngongole yanu kwa wogulitsa yakweranso, imeneyo kirediti. Posamutsira mu leja, mzere wa mu jenala muziuchonga mutaulemba kale, osati musanaulembe.

Gawo la thirayo balansi ndiye mulisamale kwambiri. Mbali ziwiri, ya debiti ndi ya kirediti, zikasiyana, gawani kusiyanako ndi 2: kukakhala 1,080, funafunani 540 imene yalowa mbali yolakwika. Kukagawika ndi 9, monga 90, mwina mwatembenuza manambala, mwalemba 450 m'malo mwa 540. Musasiye funso ili, poti ambiri amaliiwala: kodi risiti iliyonse yalowa mu jenala? Imodzi ikadumphidwa yonse, mbali ziwirizo zimafananabe.