Momwe mungadziwire ngati kusiyana kwa pa bajeti kukukomerani kapena kukupwetekani

Anthu ambiri akaona katebulo ka bajeti amathamangira ku chizindikiro, akaona pulasi akuti zayenda bwino, akaona mayinasi akuti taluza, ndipo apa ndi pomwe amagwera ana asukulu ya zowerengera ndalama ngakhalenso asungichuma a magulu athu kuno ku Angoniya. Chizindikiro pachokha sichikuuzani kanthu. Funso lofunsa pa mzere uliwonse ndi limodzi basi: kodi kusiyana kwa bajeti ndi zenizeni kwawonjezera phindu kapena kwalidya? Ngati kwawonjezera ndiye kokomera, m'mabuku a Chingerezi amalemba F. Ngati kwalidya ndiye kopweteka, amalemba A, pomwe matebulo a Chipwitikizi mupezamo F ndi D koma nkhani yake ndi yomweyo.

Titenge chitsanzo cha chigayo cha magetsi pa Ulongwe mwezi wa Juni, anthu atakolola, mzere wa ndowa wafika mpaka panja. Manambala ndangopanga kuti tiphunzirirepo, onse ali mu metikali.

| Mzere | Bajeti | Zenizeni |
|---|---|---|
| Ndalama zolowa | 50,000 | 57,600 |
| Magetsi | 16,000 | 18,000 |
| Malipiro a antchito | 9,000 | 10,000 |
| Zokonzetsera chigayo | 4,000 | 1,500 |
| Phindu | 21,000 | 28,100 |

Choyamba, musanachotsere chilichonse, lembani pambali pa mzere uliwonse kuti ndi ndalama yolowa kapena yotuluka. Zikuoneka ngati zachibwana koma musadumphe. Pano yolowa ndi mzere woyamba wokha, itatu yapakatiyo ndi yotuluka, ndipo phindu limayendera lamulo la zolowa chifukwa likachuluka mwini chigayo amamwetulira.

Chachiwiri, chotserani. Pa zolowa mumatenga zenizeni kuchotsa bajeti, 57,600 kuchotsa 50,000 tatsala ndi 7,600, talandira zoposa zomwe timayembekezera ndiye F. Pa zotuluka mumatembenuza, bajeti kuchotsa zenizeni. Magetsi 16,000 kuchotsa 18,000 ndi mayinasi 2,000, talipira mopitirira ndiye A. Malipiro nawo 1,000 A. Zokonzetsera tinakonza 4,000 koma zatuluka 1,500 zokha, 2,500 yatsala m'thumba, F. Taonani kuti zolowa ndi magetsi zonse zakwera kuposa bajeti koma china ndi F china ndi A, ndiye amene amangoti "chakwera ndi chabwino" waphonya kale mizere itatu.

Ine ndimakonda kutembenuza kumeneku chifukwa mukatero pulasi aliyense amakhala F ndipo mayinasi aliyense amakhala A, palibe kuganizanso kawiri. Koma chenjerani ndi tebulo lomwe wapanga munthu wina, ena amachotsera mbali imodzi mizere yonse, ndiye pulasi wa pa magetsi amakhala nkhani yoipa. Mukalandira tebulo lotere yesani mzere umodzi pamanja muone njira yomwe watsata.

Ngati mukugwiritsa Excel, bajeti ili mu B ndipo zenizeni mu C, lembani izi mu D, yoyamba pa zolowa yachiwiri pa zotuluka, yachitatuyo ipite mu E:

```
=C2-B2
=B3-C3
=IF(D2>0,"F",IF(D2<0,"A","-"))
```

Makompyuta ambiri kuno ali m'Chipwitikizi, ndiye ikakana yachitatuyo lembani chonchi:

```
=SE(D2>0;"F";SE(D2<0;"A";"-"))
```

Chachitatu, tsimikizani. Phatikizani ma F onse, 7,600 ndi 2,500 ndi 10,100. Ma A onse ndi 3,000. Kuchotsera tatsala ndi 7,100 F. Tsopano onani mzere wa phindu, 28,100 kuchotsa 21,000, nayonso 7,100. Zikapanda kufanana dziwani kuti pali mzere womwe mwaupatsa chilembo cholakwika, ndipo kanzeru kake nkakuti gawani pakati nambala yomwe mwasemphana nayo, yankho lake likulozerani mzere wolakwikawo. Mwachitsanzo mukalemba magetsi ngati F mupeza 11,100, mwasemphana ndi 4,000, theka lake ndi 2,000, basi wapezeka ndi magetsi.

Pa mayeso nthawi zambiri funso limathera pamenepa. Koma ngati chigayocho ndi chanu kapena cha gulu lanu musatseke kope, pali sitepe yachinayi yomwe kwa ine ndiye yofunika kuposa zonse, kufunsa kuti bajetiyo inapangidwa poganizira ntchito yochuluka bwanji.

Tinene kuti bajeti inali ya ndowa 2,000, ndowa imodzi kugaya pa 25, magetsi kudya 8 pa ndowa. Koma mwezi umenewu zagayidwa ndowa 2,400. Ndiye sichilungamo kudzudzula mnyamata wa pachigayo kuti wamwaza magetsi pomwe wagaya ndowa 400 zapamwamba, mota siyenda ndi mphepo. Chomwe mumachita ndi kukoka bajeti kuti ifanane ndi ntchito yomwe yachitikadi. Magetsi a ndowa 2,400 pa 8 amayenera kukhala 19,200, ife talipira 18,000, ndiye A uja wa 2,000 wasanduka F wa 1,200. Mnyamatayo wagwira bwino ntchito.

Nanga zolowa? Ndowa 2,400 pa 25 zimayenera kubweretsa 60,000, m'bokosi muli 57,600. F uja timamuombera m'manja wasanduka A wa 2,400, kutanthauza kuti ndowa iliyonse yalowetsa 24 m'malo mwa 25. Apa mpofunika kukhala pansi ndi kope la pachigayo, mwina munatsitsa mtengo kwa amayi ophika mowa omwe amabwera ndi matumba, mwina pali angongole amene sanalembedwe, mwinanso achibale akugayitsa ulere, kapena ndalama ikusowa pakati pa dzanja ndi bokosi. Tebulo silikuuzani kuti ndi chiti mwa izi, limangokulozerani pofufuza.

Osakoka mizere yonse ayi. Mumakoka zokhazo zomwe zimakwera ntchito ikachuluka. Malipiro a pamwezi kapena lendi sizisintha ndi ndowa, ndiye 9,000 ikhale 9,000 ndipo 1,000 A ija ikadalipo, mufunse kuti inapita kwa waganyu wa masiku a msika kapena kwa ndani. Zokonzetsera pano tazisiyanso pa 4,000.

Mukawerengera bajeti yokokedwayo, phindu limayenera kukhala 60,000 kuchotsa 19,200, 9,000 ndi 4,000, yomwe ndi 27,800. Ife tapeza 28,100. Ndiye pa 7,100 ija, 6,800 yabwera chifukwa choti makasitomala anachuluka nthawi yokolola, yochokera ku kayendetsedwe kathu ndi 300 yokha.

Ndipo 300 imeneyo yatsamira pa 2,500 F ya zokonzetsera, mzere womwe ine sindiukhulupirira ndisanapite kukaona ndi maso. Chigayo chagaya mopitirira, zokonzetsera zitsika bwanji? Zimitsani mota, tsegulani muone mahamala ngati sanathe m'mphepete, gwirani sefa ngati sinabooke, onani lamba ngati sakung'ambika, funsaninso amayi ngati ufa sukutuluka wamisere. Ngati munapeza zipangizo zotchipa ku Tete kapena kutsidya ku Dedza, F ameneyo ndi weniweni, lembani chifukwa chake pambali. Koma ngati mwangozengereza kugula, ndalamayo ituluka mu Julaye ngati A, ndipo mukaichotsa pano 300 F ija ikusanduka 2,200 A. Pa lipoti lopita ku komiti lembani F monga tebulo likunenera, koma pansi pake onjezerani kuti mahamala ndi sefa sizinagulidwe ndipo 2,500 ikhale padera kudikira mwezi wamawa.