Momwe mungadziwire kutsetsereka kwa njira kapena mzere wa mapaipi poyang'ana pa mapu

Mizere yofiirira yokhotakhota imene ili pa mapu a 1:50,000 imatchedwa makontuwa. Mzere uliwonse umadutsa m'malo okwera mofanana, ngati akalozera m'munda wa pachitunda. Ikathithikana ndiye kuti pamalopo ndi potsetsereka kwambiri, ikatalikirana ndiye kuti ndi poyenda bwino. Kuti izi zisanduke nambala, mufunika rula, ulusi ndi pensulo.

Yambani ndi m'munsi mwa mapu, pomwe pamalembedwa kusiyana kwa kukwera pakati pa mzere ndi unzake. Mapu ena akale amawerenga m'mafiti, ndipo mafiti 50 ndi pafupifupi mamita 15. Mukasokoneza apa, masamu onse apita m'madzi. M'chitsanzo chathu titenga mamita 20. Sikelo ya 1:50,000 ikutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi mamita 500 pansi.

Tiyerekeze kuti mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, monga ya ku Mulanje kapena ku Zomba komwe madzi a m'mipope amatsika okha, ukufuna kukoka madzi pakasupe kufika pathanki. Pezani mzere wokhuthala wokhala ndi nambala, womwe nthawi zambiri umakhala wachisanu uliwonse. Ngati kasupe ali pamzere woyamba kunsi kwa wa 1,200, ndiye kuti ali pa mamita 1,180. Thanki tinene kuti ili pa 1,040. Madzi atsika mamita 140. Powerenga, werengani mipata ya pakati pa mizere, osati mizereyo. Kuchoka pa 1,180 kufika pa 1,040 pali mizere 8 koma mipata ndi 7, ndipo ambiri amaonjeza mamita 20 olakwika pomwepa.

Kenako yalani ulusi motsata njirayo ndi makhota ake onse, muuwongole pa rula. Tinene kuti wakwana masentimita 4.2, omwe ndi mamita 2,100. Gawani mtundawu ndi kutsika kuja: 2,100 ÷ 140 = 15. Ndiye kuti pa mamita 15 aliwonse mukutsika mita imodzi, pafupifupi 7 peresenti.

Nambala imeneyi musaikhulupirire msanga, chifukwa imasakaniza pabwino ndi poipa. Bwererani pa mapu, mudule njirayo ndi pensulo paliponse pomwe katalikirana ka mizere kakusintha. M'chitsanzo chathu, mamilimita 6 oyambirira kuchoka pakasupe akudutsa mipata inayi. Amenewo ndi mamita 80 otsika pa mtunda wa mamita 300 okha, mita imodzi pa mamita osakwana 4, pafupifupi 27 peresenti. Munthu wosenza thumba la simenti adzapumira kangapo pokwera pamenepo, ndipo mvula ikagwa dothi lokwirira ngalande ya mapaipi likhoza kukokoloka. Ikakhala njira ya anthu, apa ndi pofunika kuikhotetsa kuti idzidula mizere mopingasa, italike koma ifewe. Mamita 1,800 otsalawo akutsika mamita 60 basi, mita imodzi pa 30.

Kwa wa mapaipi kugawa kotereku kumasankha zogula. Mipope yonse ikatsekedwa, mphamvu ya madzi m'paipi imatengera kutsika kochokera pamwamba, osati kutalika kwa paipiyo. Paipi ya pulasitiki ya kalasi 6 imapirira madzi otsika mamita 60, ya kalasi 10 mamita 100. Mamita 140 athu aposa zonsezi. N'chifukwa chake amisiri amamanga kathanki kochepetsa mphamvu panjira. Kakakhala pa 1,100, patsinde pa potsetsereka paja, chigawo cha kumtunda chisenza mamita 80 ndipo cha kumunsi 60, chomwe chafika kale pamalire a kalasi 6, motero ndi bwino kuika kalasi 10 konsekonse.

Onetsetsaninso kuti njirayo ikungotsika. Mizere ikapanga chilembo cha V choloza kumtunda, pamenepo pali khwawa kapena mtsinje. Ikaloza kumunsi, ndi msana wa phiri. Mukadutsa mzere wa nambala imodzi kawiri, mwatsika n'kukweranso kapena mwakwera n'kutsika. Pamwamba pa chitunda chotere mpweya umaunjikana m'paipi mpaka madzi kuchepa kapena kusiyiratu, ndiye pamafunika valavu yotulutsa mpweya. Pansi pa khwawa pamakhazikika matope, pamafunika potsukira.

Chomwe mapu sangakuonetseni ndi chitunda kapena chigwembe chosakwana mamita 20, chifukwa chimabisala pakati pa mizere iwiri. Kumunsi kwa njira yathu kuja mizere yatalikirana mamita 600, ndipo kachulu ka mamita 8 kangalepheretse madzi osaoneka papepala. Musanagule mapaipi, chigawo chimenecho chiyendedwe ndi mmisiri wokhala ndi levulo yoyezera.