Momwe mungapezere phindu pa kusiyana kwa maodzi a makampani awiri obetcha

Kubetcha mbali zonse ziwiri za masewera amodzi, kumakampani awiri osiyana, kumatha kukusiyirani phindu kaya apambane ndani. Ena amati abitiraji. Masamu ake ndi a mphindi ziwiri basi. Chimene chimadyetsa anthu ndalama ndi malamulo ofafanizira beti, ndipo ndi pamene ndikhalitsepo.

1. Sankhani masewera a zotsatira ziwiri zokha

Tenesi ndi yabwino kuyambira chifukwa kulibe kufanana mphamvu. Pa mpira wamiyendo musatenge "apambana ndani", chifukwa matimu akalepherana mabeti anu onse awiri apita. Tengani monga Over 2.5 ndi Under 2.5, kutanthauza kuti zigoli zonse zipitirira kapena sizifika pa nambalayo, ndipo nambalayo ikhale yofanana mbali zonse. Mukatenga Over 2.5 kuno ndi Under 1.5 uko, masewera akatha ndi zigoli ziwiri mwaluza konse.

2. Yesani ngati mpata ulipo

Tengani maodzi apamwamba a mbali iliyonse, tiwatche a ndi b, mugawe 1 ndi aliwonse, muphatikize kuti mupeze S.

```
S = 1/a + 1/b
```

Pakampani imodzi S amapitirira 1 nthawi zonse, chifukwa mmenemo ndi mmene iwo amadyera. Maodzi a 1.90 mbali zonse amapereka 1.053. Inu mukufuna S wosafika pa 1.

Tiyerekeze kuti kampani yoyamba yaika wosewera A pa 2.10, ndipo yachiwiri yaika mnzake B pa 2.05. Mupeza 0.4762 ndi 0.4878, pamodzi 0.9640. Mpata ulipo, wa pafupifupi 3.7 pa 100 iliyonse. Kunena zoona umenewu ndi wonona kale, yambiri imene mungaione ndi yaing'ono kuposa apa.

Pali anthu amene amagulitsa mndandanda wa mipata yotereyi m'magulu a pafoni. Ine sindigula. Pofika kwa inu maodzi amakhala atasuntha kale, ndipo wina akamakulonjezani 20 pa 100 tsiku lililonse, dzifunseni chifukwa chake sakungobetcha yekha.

3. Gawani ndalama

Ngati T ndi ndalama yonse imene mukufuna kuika:

```
ya A = T / (S × a)
ya B = T / (S × b)
```

Pa 100,000, A atenga 49,398 ndipo B atenga 50,602. Ine ndimazungulitsa kukhala 49,400 ndi 50,600, chifukwa manambala osongoka ngati 49,398 amaonetsa poyera kuti munthu wagwira kakyuleta. A akapambana mulandira 103,740, B akapambana 103,730. Phindu ndi 3,730 kapena kuposerapo pang'ono.

Musanasangalale, chotsanipo ndalama zimene zimadulidwa poika ndi potapa, komanso msonkho wa zopambana ngati ulipo kumene muli. Nthawi zambiri msonkhowo umawerengedwa pa tikiti yopambana yokha, saona kuti uko mwaluza, choncho ukhoza kumeza phindu lonse n'kulowanso m'thumba.

4. Werengani malamulo a makampani onse awiri musanadine

Apa ndi pamene ine zinandivuta. Masamu onse aja amadalira chinthu chimodzi: kuti mabeti onse awiri aime. Imodzi ikafafanizidwa, tikiti imalembedwa Void, amakubwezerani ndalama yanu yokha ngati kuti maodzi anali 1.00, ndipo beti inayo imatsala yokha popanda chotchinga.

Pa tenesi wosewera amatha kuvulala n'kusiya masewera pakati, ndipo makampani sagwirizana chochita. Ena amafafaniza mabeti onse ngati masewera sanathe. Ena amati seti imodzi ikangotha, beti yaima, ndipo amene wapitirira ndiye wapambana. Enanso amangofuna kuti mpira woyamba umenyedwe.

Ndiye onani zimene zimachitika ndi chitsanzo chathu chija. Kampani yoyamba imafuna masewera athe, yachiwiri imakhutira ndi seti imodzi. B wavulala mu seti yachiwiri, wasiya. Kampani yachiwiri ikuti B wagonja, 50,600 yapita. Inu mukuthamangira kukampani yoyamba kukatenga 103,740 ya A, mukupeza Void, akubwezerani 49,400 yokha. Zimene zinandichitikira ndi zomwezi. Ndinalembera kampaniyo kudandaula, iwo anangonditumizira ndime ya malamulo awo, ndipo sanalakwe, zinalembedwamodi. Kuti mubweze 50,600 ndi phindu la 3,730 pa ulendo, mufunika mipata ina pafupifupi 14 yoyenda bwino yonse.

Inde, akanavulala A zikanakukomerani: kampani yachiwiri ikanalipira B, yoyamba n'kukubwezerani yanu. Koma pamenepo mwabwerera ku juga wamba, amene mumati mukumuthawa. Malamulo a kusiya masewera akasiyana, usiyeni mpatawo ngakhale uoneke wokoma chotani.

Njira ina yofafanizira ndi imene amati maodzi olakwika moonekeratu. Pafupifupi kampani iliyonse imadzipatsa ufulu wothetsa beti, kapena kuilipira pa maodzi oyenera, ikaona kuti inalakwitsa polemba. Mungazizindikire poyerekeza ndi makampani ena angapo. Ngati onse aika A pakati pa 1.95 ndi 2.10 koma mmodzi waika 3.10, kapena maodzi a A ndi a B akuoneka kuti asinthanitsidwa, umenewo si mwayi. Choipa n'chakuti nthawi zina amafafaniza masewera atayamba kale, inu musakuthanso kukonza mbali inayo pa mtengo wabwino. Mpata ukapitirira 10 pa 100 ine ndimauona ngati msampha mpaka nditapeza chifukwa chake.

Masewera oimitsidwa ndi mvula kapena osunthidwa tsiku nawonso ali ndi vuto lomweli. Kampani ina imadikira maola owerengeka kenako n'kubweza ndalama, ina imasunga beti mpaka masewerawo adzachitike. Pa mipikisano yochotsana onaninso ngati onse awiri akuwerengera mphindi 90 zokha kapena ndi nthawi yowonjezera yomwe.

5. Ikani mabeti mofulumira, koma mwa dongosolo

Ndalama zikhale zili kale m'maakaunti onse awiri, matikiti onse otsegula. Yambani ndi kampani imene maodzi ake atalikirana ndi a anzake, chifukwa ndi amene asinthe msanga, ndipo onetsetsani kuti yalandira ndalama yonse. Ikangolola 20,000 m'malo mwa 49,400, werengeraninso mbali inayo.

Dziwiranitu malire anu. Mukagwira A pa 2.10, B asatsike kupitirira 1.91, apo ayi phindu latha. Akatsika kufika 1.85 muli pakati, tsekanibe: ikani 56,076, mutaye pafupifupi 1,736, kusiyana ndi kusiya 49,400 pambalambanda. Beti ina ikafafanizidwa masewera asanayambe, chitaninso chimodzimodzi, fufuzani kampani yachitatu mutseke mbaliyo ngakhale motaya pang'ono.

6. Zotsala

Jambulani tikiti iliyonse. Musagwiritse ntchito ndalama ya bonasi, ili ndi malamulo akeake. Gwiritsani ntchito makampani a chiphaso okha, ndipo tsimikizani akaunti ndi chitupa chanu musanaike ndalama zambiri, osati tsiku lotapa. Akaunti ya m'dzina la munthu wina ayi, akaizindikira amatha kuitseka ndalama zili momwemo. Ndipo makampani sakonda wobetcha wamtunduwu: akakuzindikirani amatsitsa malire a ndalama imene mungaike, mwina mpaka kufika poti phindu lake silikwanira n'kulipira zodulidwa potapa.